Labu ya pakhomo: njira iti ingakupezetseni ntchito ya chitetezo cha makompyuta muli kuno kwathu?

Munthu amene akulemba ntchito ali ku Cape Town kapena ku Berlin sadzaiona labu yanu. Sadzalowa m'chipinda chanu ku Ndirande kuti aone laputopu ikutentha pa tebulo. Chimene adzaone ndi tsamba limodzi kapena awiri amene mwalemba, ndipo adzawawerenga mothamanga ali ndi makalata a anthu ena ambiri patsogolo pake. Choncho posankha njira yomangira labu, funso langa limakhala limodzi: njirayi ikatha, indisiyira chiyani m'manja choti mlendo awerenge n'kukhulupirira kuti ntchitoyo ndinaigwira ndekha?

Ndikuganizira munthu wa laputopu ya kaunjika yokhala ndi ramu ya magigabayiti 8, amene intaneti yake ndi bandulo ya pafoni, magetsi kwawo amapita osatsanzika, ndipo khadi lake la kubanki silingadaliridwe polipira zinthu za madola. Ngati muli ndi zoposa pamenepa, zina mwa zimene ndinene zikupepukirani, koma dongosolo lake silisintha.

Njira yoyamba ndi yoika labu yonse m'laputopu mwanu. Mumaika VirtualBox, yomwe ndi yaulere, ndipo m'kati mwake mumayendetsa makina oyerekeza awiri: Kali Linux youkira, ndi makina ena opangidwa dala ndi zibowo kuti muziphunzirirapo. Odziwika kwambiri ndi Metasploitable 2, DVWA ndi OWASP Juice Shop. Ubwino wake waukulu kwa ife ndi woti mumakopera kamodzi basi. Kali yokonzeka kale ya VirtualBox imadya magigabayiti atatu ndi kanthu, Metasploitable 2 sifika ngakhale gigabayiti imodzi. Mukazitenga usiku pa bandulo yotsika mtengo, kapena mukakopera pa fulashi kwa mnzanu, mutha kugwira ntchito mwezi wathunthu osayatsa deta. Ramu imakwananso: Windows itenga magigabayiti atatu kapena anayi, Kali muipatse awiri, Metasploitable imakhutira ndi theka la gigabayiti.

Pali zinthu zitatu zimene zimagwetsa anthu tsiku loyamba. Makina akakana kudzuka n'kulemba uthenga wotchula VT-x kapena AMD-V, ndiye kuti muyenera kulowa mu BIOS n'kuyatsa mbali imeneyo. Akadzuka koma akuyenda ngati nkhono, yang'anani pansi pa windo la VirtualBox: mukaona kafulu wobiriwira, ndiye kuti Hyper-V ya Windows yalanda malo, ndipo muyenera kuizimitsa. Chachitatu ndi chofunika kuposa zonse. Makina a zibowo muwaike pa Host-only Adapter, osati pa Bridged Adapter. Pa njira yoyambayo amalandira adiresi yoyamba ndi 192.168.56 ndipo amaonana ndi laputopu yanu ndi makina ena a mu labuyo basi. Mukawaika pa yachiwiriyo muli pa netiweki ya kukoleji kapena ya kuntchito, ndiye kuti mwaika nyumba yopanda chitseko pakati pa msika, chifukwa dzina ndi pasiwedi ya Metasploitable, msfadmin, zimadziwika ndi aliyense. Komanso musanayambe chilichonse tengani Snapshot, yomwe imasunga makinawo monga alili pa nthawiyo. Magetsi akazima batire itafa kale, diski ya makina oyerekeza imatha kuwonongeka, ndipo Snapshot imakubwezerani pamene munali m'malo moyambiranso kukopera.

Kuipa kwa njirayi n'koti ndi yopondedwa kwambiri. Chibowo cha vsftpd 2.3.4 mu Metasploitable, chimene chimatsegula doko la 6200, chalembedwa ndi anthu osawerengeka, ndipo olemba ntchito amachidziwa ngati njira ya kuchigayo. Mukaika zithunzi zisanu za Metasploit, chida cha mu Kali chothyolera zibowo zodziwika kale, n'kulemba kuti mwalowa, mwangoonetsa kuti mumatha kutsatira malangizo. Koma vutoli lili m'kalembedwe, osati mu labu, ndipo ndibwereranso kwa ilo.

Njira yachiwiri ndi masukulu a pa intaneti: TryHackMe, Hack The Box ndi Web Security Academy ya PortSwigger. Anthu amazitchula pamodzi ngati chinthu chimodzi, koma kwa munthu wa kuno zimasiyana kwambiri. TryHackMe imakugwirani dzanja, ndipo ndi yabwino kwa amene sanagwirepo Linux. Ili ndi zipinda zaulere, koma maphunziro ambiri otsatizana amafuna kulipira mwezi ndi mwezi, ndipo AttackBox, makina ake oukira a m'bulawuza, imakupatsani ola limodzi patsiku ngati simulipira. Mutha kuzemba malirewo polumikiza Kali yanu kudzera pa OpenVPN, koma netiweki ikagwedezeka pakati pa ntchito mumayambiranso. Hack The Box ndi yolimba, ndipo ili ndi lamulo limene limakhudza potifoliyo mwachindunji: simuloledwa kufalitsa mmene munagonjetsera makina amene adakali pa mpikisano. Muloledwa kulemba za amene anapumitsidwa, koma ambiri mwa amenewo amatsegulidwa kwa olipira. Ndiye kuti ambiri amene mungawasewere mwaulere simungawalembe, ambiri amene mungawalembe akufuna madola.

Pa zitatuzi ine ndimaloza Web Security Academy. Ndi yaulere yonse, imangofuna bulawuza ndi Burp Suite Community Edition, chida choonera ndi kusintha mapempho amene bulawuza imatumiza ku seva, sidya deta yambiri chifukwa ndi masamba wamba, ndipo imaphunzitsa ntchito yeniyeni imene woyesa mawebusayiti amalipidwira. Malabu ochepa amafuna Burp yolipira, amenewo mungawadumphe. Komabe muzindikire chimene njira yonseyi imakupatsani: luso, osati umboni. Baji kapena nambala yanu pa mndandanda ndi mzere umodzi pa sivi. Wolemba ntchito sangadziwe ngati munalimbana nayo labuyo masiku atatu kapena munaonera yankho pa vidiyo.

Njira yachitatu anthu ambiri amaithawa chifukwa ilibe chikoka, ndipo ndi imene ndikhalitsepo. Ndi labu ya mlonda. M'malo moonetsa kuti mumatha kuthyola, mumaonetsa kuti mumatha kuona wothyola akubwera. Ntchito zoyambira m'makampani a chitetezo nthawi zambiri zimakhala zokhala patsogolo pa sikirini, kuwerenga machenjezo, n'kusankha kuti ili ndi phokoso chabe, ili ndi loyenera kudzutsira wamkulu. Ntchito yoyesa chitetezo kawirikawiri amapatsa munthu amene wagwirapo kale kwina. Ndipo ulonda umayenda usana ndi usiku mosinthana, pamene nthawi yathu imatithandiza: wotchi ya Malawi ndi Zambia ndi yofanana ndi ya South Africa, ndipo imasiyana ndi ya ku Britain ndi ola limodzi kapena awiri malinga ndi nyengo.

Chida chaulere chodziwika pano ndi Wazuh, chimene chimasonkhanitsa zolembedwa za makina ndi kudzutsa machenjezo. Koma malangizo ake omwe amati seva yaing'ono ikhale ndi ramu ya magigabayiti 8 ndi diski ya magigabayiti 50. Pa laputopu yathu ija ndiye kuti yatenga nyumba yonse. Mukaikakamiza pa magigabayiti anayi, tsamba lake limatsegula mwa apo ndi apo ndipo mbali yosunga deta imazima yokha, inu n'kutha sabata mukukonza chida m'malo mophunzira ulonda. Pali njira ziwiri. Yoyamba ndi kuwonjezera ramu ifike 16, ngati laputopu ili ndi malo ake, ndipo ndalama imeneyi ndimaiona yaphindu kuposa kulipira sukulu ya pa intaneti miyezi ingapo. Yachiwiri ndi kuyamba popanda Wazuh: ikani Ubuntu Server muipatse ramu ya gigabayiti imodzi kapena awiri, muiukire kuchokera ku Kali, kenako muwerenge zolembedwa ndi maso anu.

Nachi chitsanzo chimene mungachite madzulo amodzi. Pa Ubuntu yatsani SSH, khomo lolowera m'makina kuchokera pa makina ena. Pa Kali konzani kafayilo ka mapasiwedi makumi atatu olakwika kotchedwa mawu.txt, ndipo muyese kulowa ndi dzina limene kulibe pa makinawo, mutaika adiresi ya Ubuntu yanu m'malo mwa ili apayi:

```
hydra -l kalibe -P mawu.txt ssh://192.168.56.102
```

Kenako pitani pa Ubuntu muone zimene zatsala:

```
grep "Failed password" /var/log/auth.log
```

Mupeza mizere yotsatizana, yonse yochokera ku adiresi imodzi, yotalikirana masekondi ochepa, yokhala ndi mawu akuti invalid user. Ngati muli ndi Wazuh, kuyesa kulikonse kumadzutsa lamulo la 5710, ndipo kukachuluka limadzuka la 5712, la msinkhu wa 10, lonena kuti wina akuyesa kuthyola mwa kubwereza. Ambiri amajambula chithunzi pamenepa n'kuika pa GitHub. Musaime. Lamulo la 5712 limawerenga maulendo 8 m'masekondi 120 kuchokera ku adiresi imodzi. Ndiye dzifunseni: nanga wakubayo akakhala wodekha? Bwerezani, koma tsopano muziyesa kamodzi pa mphindi iliyonse. Muona kuti machenjezo ang'onoang'ono akubwera koma lalikulu lija lili chete. Wakuba akugogoda, mlonda ali m'tulo. Lembani lamulo lanu la nthawi yotalikirapo, muliyese, kenako muone mtengo wake: lidzayamba kukuwa ngakhale pa wantchito amene wangoiwala pasiwedi yake m'mawa wa Lolemba. Musankhe malire, ndipo mufotokoze chifukwa chake mwasankha pamenepo.

Lipoti la masamba awiri lonena zimenezi, lakuti chida chinagwira ichi, chinaphonya ichi, ndinakonza motere, ndipo kukonzako kwabweretsa vuto ili, ndi lolemera kuposa mabaji khumi. Palibe angalikopere pa vidiyo, chifukwa nthawi, maadiresi ndi zisankho ndi zanu. Pa intavyu likupatsani nkhani yoti mukambe kwa mphindi khumi osasowa mawu. Mukadzafuna kukulitsa, Microsoft imapereka Windows Enterprise yoyesera kwa masiku 90 ndi Windows Server kwa masiku 180, ndipo masewera omwewo mungawachite ndi zolembedwa za Windows, nambala 4625 ya kulowa kolephera ndi 4624 ya kulowa kotheka. Funso limene wamkulu wanu adzafunse usiku ndi lakuti, pambuyo pa mzere wa 4625, kodi panabwera 4624 kuchokera komweko?

Njira yachinayi ndi imene imakoka achinyamata kwambiri: kusaka zibowo m'makampani enieni amene amalipira ozipeza, kudzera pa HackerOne, Bugcrowd kapena Intigriti. Safunsa digiri, ndipo chibowo chovomerezedwa ndi umboni woposa wina uliwonse chifukwa wakuvomerezani ndi munthu wina. Koma ngati poyambira, ndi njira yowawa. Mukupikisana ndi anthu amene akhala pa kampani imodzi zaka zingapo ndipo ali ndi makina ofufuza usiku wonse. Chimene mwapeza nthawi zambiri wina anachipeza kale, lipoti lanu n'kutsekedwa ndi chizindikiro cha Duplicate, osalandira kanthu. Mukatumiza zosayenera, monga zimene chida changolavula inu osazitsimikiza, amaika Not Applicable ndipo mbiri yanu pa HackerOne imatsika. Chibowo chovomerezedwanso simungachifalitse kampaniyo isanalole. Nkhani ya malipiro muione musanayambe, osati mutapambana: ena adzafuna fomu ya msonkho wa ku America ya W-8BEN ndi chiphaso, ndipo mufunse banki yanu mmene ndalama zakunja zimalowera ndi zimene imadula. Ndimalangiza kuyamba ndi mapulogalamu osalipira, ongothokoza, kumene mpikisano ndi wochepa, mutatha kale miyezi ingapo pa Web Security Academy.

Pali kanjira kena kamene ndiyenera kukatseka. Wina adzakuuzani kuti mufufuze webusayiti ya sukulu, ya banki kapena ya boma, mukapeza chibowo muwalembere ndipo adzakulembani ntchito. Ku Malawi, lamulo la 2016 loona za malonda a pa intaneti ndi chitetezo cha makompyuta limati kulowa m'makina a wina popanda chilolezo ndi mlandu, ndipo cholinga chabwino si chilolezo. Wolemba ntchito wanzeru akaona dzina la bungwe lenileni m'potifoliyo yanu popanda kalata yololeza, amakuchotsani pomwepo, chifukwa ntchitoyi yonse imaima pa kudalirika. Ngati amalume ali ndi kabizinesi kokhala ndi webusayiti ndipo avomera kuti muyese, mulembe pepala lotchula adiresi yoyesedwa, masiku, ndi zimene simudzakhudza, asayine, ndipo mufunsenso ngati kampani yosunga webusayitiyo imalola. Zoika labu pa AWS kapena Azure ndizidumpha msanga: zimafuna khadi, zimadya deta nthawi yonse, ndipo makina amodzi oiwalidwa ali oyaka amabweretsa bilu ya madola. Zidikire mpaka mutakhala ndi chifukwa.

Tsopano ndibwerere ku kalembedwe, chifukwa amene akufuna maganyu oyesa mawebusayiti, pa Upwork kapena kwa makampani ang'onoang'ono, amagulitsa lipoti. Kasitomala akufuna kuona chimene adzalandire akalipira. Tiyeni titenge Juice Shop, yomwe ndi sitolo yabodza. Ngati muli ndi Docker imadzuka ndi mzere umodzi:

```
docker run --rm -p 127.0.0.1:3000:3000 bkimminich/juice-shop
```

Tsegulani akaunti, lowani, ikani chinthu m'dengu, Burp ikuona. Muona pempho looneka chonchi:

```
GET /rest/basket/6
```

Nambala yanu ingakhale ina. Litumizeni ku Repeater ya mu Burp, musinthe nambalayo ikhale 2, mutumizenso. Seva ikubwezerani dengu la munthu wina. Yaona kuti mwalowa, koma sinafunse ngati dengulo ndi lanu. Chibowochi chimatchedwa IDOR, ndipo chili m'gulu la Broken Access Control, limene linali pa nambala 1 pa mndandanda wa OWASP wa 2021.

Wophunzira amalemba kuti wapeza IDOR n'kuika chithunzi. Woyesa amalemba zinthu zina. Amayamba ndi ziganizo ziwiri zoti mwini sitolo amve popanda womasulira: kasitomala aliyense wolowa angaone zimene makasitomala ena akugula, pongosintha nambala imodzi. Kenako masitepe oti wokonza abwereze yekha, ndi maakaunti awiri amene inu mwatsegula, kuti zioneke kuti simunagwire za munthu weniweni. Kenako pempho ndi yankho monga zinalili, chiphaso cholowera chitafufutidwa. Kenako kulemera kwake. Apa ndi pamene nzeru zimaonekera. Pa sikelo ya CVSS 3.1 yoyezera kulemera kwa zibowo, yomwe imalekezera pa 10, ngati zoululikazo ndi zochepa chibowochi chimapeza 4.3, ngati ndi zachinsinsi kwambiri chimapeza 6.5. Mabotolo a madzi a zipatso si chinsinsi chachikulu, ndiye 4.3 ikuyenera. Koma onjezerani kuti sitoloyo ikanakhala ya mankhwala, dengu lomwelo likanaulula matenda a munthu. Ongoyamba amakonda kulemba Critical pa chilichonse, ndipo wowerenga wodziwa amaona pomwepo kuti munthuyu adzadzutsa anthu usiku popanda chifukwa. Pomaliza, kakonzedwe kake: seva itenge dengu kuchokera pa munthu amene walowa, osati pa nambala imene bulawuza yatumiza. Kubisa nambalayo kapena kuitalikitsa sikuchotsa chibowo.

Zibowo zisanu zolembedwa motere, ndi tsamba limodzi la chidule pamwamba, zakwana lipoti lachitsanzo. Lembani poyera kuti ndi za m'labu. Musayerekeze kuti Juice Shop inali kasitomala wanu, chifukwa aliyense wa m'ntchitoyi amaidziwa. Lipotilo likhale m'Chingerezi chosavuta, cha ziganizo zazifupi, ndipo mupatse mnzanu wosadziwa makompyuta awerenge chidule chija. Akakufunsani kuti ndiye vuto ndi chiyani, lembaninso.

Mapanga awiri avumbwitsa, ndipo ndaona anthu akuthamanga pakati pa njira zinayi zonse chaka chathunthu, GitHub yawo ili ndi mafoda khumi opanda kanthu. Mukanandifunsa ine, ndikanakugawirani motere. Ngati mukufuna malipiro a mwezi ndi mwezi ku kampani yakunja, tengani labu ya mlonda, muwonjezere ramu mukatha, ndipo mutulutse malipoti atatu ngati la SSH lija: limodzi la Linux, limodzi la Windows, limodzi lofufuza imelo yachinyengo imene inabwera kwa inu nomwe. Ngati mukufuna maganyu, phunzirani pa Web Security Academy, lembani lipoti lachitsanzo pa Juice Shop, ndipo kusaka zibowo kubwere pambuyo. Ngati deta ndiyo ikukuvutani koposa, labu ya m'laputopu imatumikira mbali zonse ziwiri popanda intaneti, ndipo mungatumize zolemba zanu pa GitHub tsiku limene mwapeza netiweki, chifukwa ndi mafayilo ang'onoang'ono.

Dziwaninso malire ake. Malonda ambiri a ntchito olembedwa kuti mungagwirire kulikonse amatanthauza kulikonse m'dziko lawo, chifukwa cha misonkho kapena malamulo a deta ya makasitomala. Potifoliyo singachotse chimenecho, ndiye werengani mzere wonena za dziko musanataye madzulo polemba kalata. Yang'anani makampani amene amalemba anthu pa kontirakiti, a ku South Africa ndi ku Kenya, ndi mabanki, makampani a mafoni ndi mabungwe a kuno komwe, chifukwa chaka chimodzi cha ntchito ya pakhomo chimatsegula zitseko zakunja zimene labu yokha singatsegule. Ndipo amene avomera kukulembani adzafunsa funso limene kulibe m'buku lililonse la chitetezo: magetsi akazima pakati pa shifiti mudzatani? Mukhale ndi yankho la manambala, lakuti batire imagwira maola angati, rauta ili pa chiyani, ndipo simu khadi yachiwiri ndi ya netiweki ina. Muliyese yankholo tsiku lina madzulo, muone wotchi, ndipo mulilembe pa tsamba loyamba la potifoliyo pansi pa dzina lanu.